Vidiyo ya mphindi zitatu yoonetsa oika ndalama: yambani ndi umboni

Funso: "Ine ndi anzanga awiri tapanga pulogalamu ya pafoni yothandiza eni malole kupeza katundu wonyamula pobwerera, kuti galimoto isamabwerere yopanda kanthu. Takhala tikuiyesa kwa miyezi 6. Mwezi wamawa tikukumana ndi anthu ofuna kuika ndalama m'bizinesi yathu, ndipo atiuza kuti tibwere ndi vidiyo yosapitirira mphindi zitatu. Yomwe tajambula yakwana mphindi 7, koma mnzathu amene tamuonetsa akufunsabe kuti pulogalamuyo imachita chiyani kwenikweni. Tilembe bwanji kuti vuto, yankho ndi umboni zioneke m'kanthawi kameneka?"

Yankho: Zikomo mayi. Vidiyo yomwe muli nayoyo musaidule. Ikani pambali, mutenge pepala, muyambirenso. Ndikutero chifukwa vidiyo yotalika chonchi, yomwe munthu akaionera amatsalabe ndi funso, nthawi zambiri imakhala yoyendetsa woonera m'pulogalamu tsamba ndi tsamba, motsatira mmene munaimangira: polembetsa, polowera, posinthira chithunzi, mndandanda wa zosankha. Mukaidula mudzangotsala ndi ulendo womwewo koma wothamanga. Chosowa ndi nkhani ya munthu mmodzi amene ali ndi vuto limodzi, ndipo vutolo likutha woonera akuona ndi maso.

Muyambe mwadziwa ntchito ya vidiyo pamsonkhano wotere. Inu mudzakhalapo. Kukula kwa msika, mbiri ya inu atatu, ndalama zomwe mukufuna ndi mmene mudzazigwiritsire ntchito, zonsezi mudzazinena pakamwa ndi pamasilaidi, ndipo iwo adzafunsa mafunso. Vidiyo isiyireni chimene pakamwa sipangathe: kuonetsa kuti chinthucho chilipo, chikugwira ntchito, ndipo anthu enieni akuchigwiritsa ntchito. Chiganizo chilichonse chomwe mungathe kunena nokha mutaimirira, popanda chithunzi, sichiyenera kudya masekondi a vidiyo.

Ngakhale woonera adzaona vuto, kenako yankho, kenako umboni, inu polemba muyambe ndi umboni. Tsegulani kaundula wanu wa miyezi 6 ija, mudzifunse kuti ndi chiyani chomwe mungatsimikizire munthu atafuna kuona zikalata. Chifukwa chake n'chakuti umboni ndi umene umakuikirani malire a vuto lomwe muli ndi ufulu wolitchula. Ngati manambala anu akuonetsa kuti eni malole akupeza katundu wobwerera naye mwamsanga, vuto loti mutsegulire vidiyo ndi la lole yobwerera yopanda kanthu, basi. Mukatsegula ndi kukwera mtengo kwa mafuta, kuipa kwa misewu ndi kubedwa kwa katundu, mwalonjeza zinthu zitatu zomwe kumapeto simudzazionetsa, ndipo woika ndalama watcheru adzaona mpatawo.

Popeza simunandipatse manambala anu, ndiika ongoyerekeza, inu mudzaikepo enieni. Tinene kuti malole 40 analembetsa. Mwa amenewa, 25 ananyamulapo katundu kudzera m'pulogalamu, ndipo 18 mwa 25 aja anabweranso kudzanyamula kachiwiri pasanathe mwezi. Maulendo onse pamodzi ndi 120. Kuchokera pamenepa lembani chiganizo chimodzi chomwe mukufuna kuti woika ndalama akathe kuuza anzake amene sanabwere kumsonkhano, pakuti kawirikawiri amene mwakumana naye sagamula yekha. Chingakhale chotere: "Eni malole amapeza katundu wobwerera naye asanamalize kutsitsa, ndipo 18 mwa 25 amene anayesa anabweranso." Chilembeni pamwamba pa pepala. Chithunzi chilichonse chimene sichikuthandiza chiganizochi chituluke, ngakhale chitakhala gawo la pulogalamu lomwe munakhetsera thukuta kwambiri.

Tsopano nthawi. Mphindi zitatu ndi masekondi 180. Ine ndimagawa chonchi: masekondi 30 a vuto, 90 a yankho, 45 a umboni ndi 15 otsekera. Si lamulo, koma theka lonse ndimalipereka ku yankho chifukwa ndi gawo lokhalo lomwe silingaoneke pasilaidi. Ndipo mukonze kuti ithere pa masekondi 170 kapena kuchepera, poti pojambula zinthu zimatalika kuposa mmene zimaonekera papepala.

Kuti mudziwe mawu okwanira, musadalire manambala omwe ena amapereka, chifukwa chinenero chilichonse ndi pakamwa paliponse zili ndi liwiro lake. Amene adzalankhule m'vidiyo awerenge ndime iliyonse mokweza kwa masekondi 30, modekha ngati akufotokozera munthu wamkulu, wina awerengetse mawu. Akakwanitsa mawu 50, ndiye kuti pamphindi ndi 100, ndipo vidiyo yonse ingalandire 300. Chotsanipo gawo limodzi mwa magawo asanu, losiyira malo opanda mawu, mutsale ndi mawu 240. Mukaona nambalayi mudzadandaula kuti ndi yochepa, koma ndi imene idzakukakamizeni kusankha.

Pepala lolembapo muligawe pakati ndi mzere wotsika. Kumanzere mulembe zomwe zikuoneka, kumanja zomwe zikumveka, m'mphepete masekondi. Mudzaze kumanzere kaye mpaka kumapeto musanalembe liwu limodzi kumanja. Ubwino wa kalembedwe aka ndi wakuti bodza ndi mawu opanda pake zimaonekera zokha. Mukalemba kumanja kuti "pulogalamu yathu ndi yosavuta komanso yodalirika", kumanzere mudzasowa choika, ndiye mudzadziwa kuti chiganizocho n'chongodzitama.

Gawo la vuto likhale pamalo enieni, ndi munthu weniweni. Musayambe ndi chizindikiro cha kampani chikuzungulira kwa masekondi 8, kapena ndi mawu akuti ntchito yonyamula katundu ndi yofunika pa chuma. Amene akhala pamaso panu akudziwa kale zimenezo. Papepala gawoli lingaoneke motere.

Masekondi 0 mpaka 10. Zooneka: lole ili pamalo otsitsira katundu, anthu akutsitsa mabokosi omaliza, kumbuyo kukutsala kopanda kanthu. Zomveka: "Lole iyi yayenda makilomita 300 itadzaza. Ikubwerera makilomita 300 omwewo yopanda kanthu, ndipo mafuta ake alipira ndi mwini wake."

Masekondi 10 mpaka 30. Zooneka: mwini lole akuimba foni, akudula, akuimbanso nambala ina, pakona pakuoneka koloko ikusuntha kuchoka m'mawa kufika masana. Zomveka: mawu a mwini loleyo, m'chinenero chake, akufotokoza mmene amasakira katundu lero, anthu angati amene amawaimbira ndi nthawi yomwe amadikira asanataye mtima.

Taonani kuti masekondi 20 onse apita pa njira yomwe munthuyu amagwiritsa ntchito panopa. Ambiri amalumpha pamenepa, koma woika ndalama amadziwa kuti wopikisana nanu wamkulu si pulogalamu ina ayi, ndi foni, mkhalapakati wodziwika kale, ndi chizolowezi. Akaona njira yakaleyo ndi kutalika kwake, amakhala ndi muyeso woyezera njira yanu. Popanda muyesowu, kunena kuti katundu wapezeka m'mphindi 20 sikumuuza chilichonse. Manambala a mwini loleyo akhale ake, onenedwa ndi iye. Musamulembere mawu oti aloweze. Mufunseni mafunso, mumujambule kwa mphindi 10, mutolemo masekondi 15 abwino. Ndipo musanajambule, akusainireni kapepala kovomereza kuti nkhope yake, dzina lake ndi nambala ya galimoto yake zionetsedwe kwa anthu ena.

Pofika pa yankho mukumana ndi vuto lomwe lili ndi mabizinesi onse olumikiza mbali ziwiri. Muli ndi eni malole, muli ndi eni katundu, ndipo mtima udzafuna kuonetsa onse mofanana. Mapanga awiri avumbwitsa. Woonera akamadumphadumpha pakati pa mafoni awiri, pofika sekondi ya 60 amakhala atasokonezeka kuti foni yomwe ili pasikirini ndi ya yani. Tsatirani mwini lole yemwe uja, kuyambira pomwe tinamusiya ndi foni m'manja. Mwini katundu aoneke kamodzi kokha, kwa masekondi osapitirira 10, ndi mawu olembedwa pamwamba akuti "foni ya mwini katundu". Funso lakuti eni katundu mumawapeza bwanji lidzabwera ndithu, ndipo ndi funso lolemera, koma liyankheni pakamwa.

Muyambire pomwe pali phindu. Kulembetsa ndi kulowa ndi nambala yachinsinsi zichoke, pulogalamu iliyonse ili nazo. Sikirini yoyamba ikhale yomwe mwini lole akuika zinthu zitatu: komwe ali, komwe akupita ndi matani omwe lole yake imanyamula. Kenako mndandanda wa katundu yemwe ali panjira yake ukutuluka. Akusankha mmodzi, akuona kulemera kwake, malo okatengera ndi malipiro, akuvomera. Uthenga ukufika kwa mwini katundu, nayenso akuvomera. Kenako kamera ichoke pafoni, ibwerere ku lole yomwe ija, katundu akukwezedwa. Ulendowu uli ndi masitepe asanu kapena 6, ndipo m'masekondi 90 sitepe iliyonse ipeza masekondi 15, okwanira kuti diso liwerenge zomwe zili pasikirini.

Mawu a m'gawoli ndi amene amawononga mavidiyo ambiri. Wolankhula amabwereza zomwe chala chikuchita: "Tsopano akudina batani lobiriwira, kenako akusankha tsiku." Woonera ali ndi maso, akuona batanilo. Mawu anene zomwe maso sangaone, kutanthauza chifukwa chake ndi zotsatira zake. Pamene mndandanda ukutuluka, nenani kuti: "Pulogalamu yasiya katundu yense wolemera kuposa lole yake, ndi yense yemwe angamupatutse panjira ndi makilomita oposa 20." Chiganizo chimodzichi chikuuza woika ndalama kuti mkati muli nzeru yosankhira, si bolodi longomatapo zolengeza. Ngati pali chinthu chimodzi chomwe ena angavutike kukopera, malo ake ndi pano, m'chiganizo chimodzi, pa nthawi yeniyeni yomwe chikugwira ntchito pasikirini.

Pamene uthenga wovomera ukufika, wolankhula akhale chete masekondi atatu, ndipo sikirini ikokedwe pafupi kuti uthengawo uwerengeke. Apa ndi pamene vuto lomwe munatsegula nalo likutha, choncho musapaphimbe ndi mawu kapena nyimbo.

Chitsanzo chodziwika cha vidiyo yotere ndi cha kampani ya Dropbox, yosungira anthu mafayilo pa intaneti. Mu 2007, Drew Houston anajambula sikirini ya kompyuta yake, akulankhula yekha, kuonetsa fayilo ikusungidwa pa kompyuta imodzi n'kuonekera pa ina. Munalibe ochita sewero kapena zokongoletsa. Chaka chomwecho kampaniyo inalandiridwa ku Y Combinator, bungwe la ku America loika ndalama m'makampani ongoyamba kumene. Vidiyo ina yofanana nayo yomwe anatulutsa mu 2008 inakweza chiwerengero cha anthu odikira kuyesa pulogalamuyo kuchoka pa 5,000 kufika pa 75,000, malinga ndi zomwe Houston mwiniwake anafotokoza. Chomwe ndikufuna mutolepo ndi chakuti chinthu chovuta kuchifotokoza pakamwa chinamveka msanga anthu atachiona chikuchitika, ndipo amene ankalankhula anali wochipanga. Inunso mawu akhale a mmodzi wa inu atatu. Oika ndalama akuyeza anthu pamodzi ndi pulogalamu, ndipo mawu a wolengeza wolipidwa amachititsa vidiyo kumveka ngati yotsatsa malonda.

Zomwe zili pasikirini zikhale zooneka zenizeni. Mndandanda wokhala ndi katundu wotchedwa "yesero 1" ndi "yesero 2" umauza woonera kuti palibe amene akugwiritsa ntchito pulogalamuyi. Chabwino koposa ndi kujambula ulendo weniweni, n'kubisa maina ndi manambala a foni a makasitomala amene sanapereke chilolezo. Ngati mukugwiritsa ntchito zongoyerekeza, zifanane ndi zenizeni pa kulemera ndi mitunda, ndipo mulembe pakona kuti "zachitsanzo". Pojambula sikirini ya foni, tsekani mauthenga onse olowa, batire likhale lodzaza, ndipo ngati foni ndi ya Android, tsegulani Show taps m'gawo la Developer options kuti kadontho kazionetsa pomwe chala chagunda. Foni ndi yoimirira pomwe vidiyo ndi yopingasa, ndiye malo otsala m'mbali muwagwiritse ntchito polembapo sitepe yomwe tili, m'mawu atatu kapena anayi akuluakulu.

Pali nkhani ina yomwe ndikufuna ndiitsindike kwambiri, ya kudula nthawi. Pa ulendo weniweni, mwini katundu savomera pompopompo. Mwina papita mphindi 20, mwina maola awiri. M'vidiyo simungadikire, mudula. Kudula si kulakwa, kubisa kuti mwadula ndiye kulakwa. Lembani pasikirini kuti "patapita mphindi 20", ndipo nambalayo ikhale yomwe inachitikadi pa ulendowo. Chimodzimodzi ngati pali ntchito yomwe ikuchitidwa ndi manja kuseri. Makampani ambiri ongoyamba amalumikiza makasitomala ndi manja, mmodzi wa eni ake ataimba foni, pulogalamu ikungoonetsa zotsatira. Zimenezi sizochititsa manyazi, ndipo oika ndalama ambiri amaziona ngati nzeru pa chiyambi. Koma zinenedwe: "Pakadali pano mmodzi wa ife amatsimikizira katundu aliyense pafoni asanaoneke pamndandanda." Gawo lomwe silinamangidwe, ngati mwaumirira kulionetsa, lilembedwe kuti "likubwera", ndipo lisasakanizidwe ndi zomwe zikugwira ntchito kale.

Chifukwa chotsindikira ndi chakuti vidiyo yoonetsedwa kwa oika ndalama ndi mawu omwe mungadzafunsidwe nawo mlandu. Mu 2018 kampani ya ku America yotchedwa Nikola inatulutsa vidiyo yoonetsa lole yake yatsopano ikuyenda pamsewu. Mu 2020 zinaululika kuti loleyo sinkayenda ndi mphamvu yake, anangoikokera pamwamba pa chitunda n'kuisiya kuti itsetsereke. Kampaniyo inadziteteza kuti sinanenepo kuti lole ikudziyendetsa yokha, koma amene anaonera anamva zomwe chithunzi chinawauza. Mu 2022 khoti linapeza woyambitsa kampaniyo, Trevor Milton, wolakwa pa milandu yonamiza oika ndalama, ndipo ngakhale anadzakhululukidwa ndi pulezidenti wa dzikolo mu 2025, kampaniyo inagwa chaka chomwecho. Yanu ndi yaing'ono poyerekeza, koma njira yake ndi imodzi. Asanapereke ndalama, oika ndalama amafufuza: amapempha kaundula, amaimbira makasitomala, amayesa pulogalamu okha. Akapeza kuti chithunzi chimodzi chinawasocheretsa, amakayikira ndi manambala oona omwe.

Tafika pa umboni, masekondi 45. Pa manambala athu ongoyerekeza aja, nambala yokoma kutchula ndi 40, chifukwa ndi yaikulu pa malole. Koma ndi yofooka koposa zonse, pakuti kulembetsa sikudyera munthu kanthu. Wodziwa ntchito akamva "malole 40 alembetsa", funso lake loyamba ndi lakuti angati anyamulapo. Muyankheni asanafunse. Ikani manambala atatu okha, imodzi imodzi, iliyonse ikhale pasikirini masekondi osachepera 6: malole 25 anyamulapo katundu, 18 mwa iwo anabweranso pasanathe mwezi, maulendo 120 m'miyezi 6. Yapakatiyo ndi yamphamvu kwambiri, chifukwa munthu angayese chinthu chifukwa choti mwamuchonderera, koma sabwereranso ngati sichinamuthandize.

Nenani "18 mwa 25", osati "72 peresenti". Masamu ndi amodzi, koma peresenti yochokera pa anthu ochepa imaoneka ngati mukubisa kuchepa kwawo, pomwe nambala yeniyeni imaonetsa kuti simukuopa. Nambala iliyonse iyende ndi nyengo yake, kuyambira mwezi wakuti kufika mwezi wakuti, yolembedwa m'munsi mwake.

Mukafuna kuika gilafu, ikhale ya maulendo a mwezi uliwonse paokha. Tinene kuti anali 8, 12, 17, 22, 28 ndi 33, omwe pamodzi ndi 120 aja. Gilafu yophatikiza miyezi yonse, yoyamba pa 8 kukathera pa 120, imakwera nthawi zonse ngakhale bizinesi itasiya kukula, ndipo oika ndalama amaidziwa bwino njomba imeneyi. Ya mwezi ndi mwezi ndi imene imaonetsa kukula kwenikweni. Ngati mwezi wina unatsika, usiyeni uoneke, mukonzekere kufotokoza chifukwa chake. Komanso mukatchula nthawi yomwe imatenga kuti katundu apezeke, samalani ndi avereji, chifukwa ulendo umodzi wochedwa masiku awiri, kapena ochepa ofulumira kwambiri, amaipotoza. Ndandalikani nthawi za maulendo onse kuyambira yaifupi kufika yaitali, mutenge yomwe ili pakati, munene kuti theka la maulendo linapeza katundu pasanathe nthawi yakutiyakuti. Musaiwale kuti ulendo womwe mwaonetsa m'vidiyo usakhale wofulumira koposa onse. Ngati nthawi yapakati ndi ola limodzi ndipo mwaonetsa wa mphindi 20, nenani zonse ziwiri.

Umboni wina womwe oika ndalama amaulemekeza ndi malipiro. Ngati eni malole kapena eni katundu akukulipirani kale kanthu pa ulendo uliwonse, nenani m'chiganizo chimodzi, ndipo chilowe m'malo mwa nambala ya maulendo ngati nthawi yachepa. Ngati miyezi 6 yonseyi yakhala yaulere, musachite ngati sizili choncho, chifukwa kubweranso kwa anthu pa chinthu chaulere kumalemera mosiyana ndi kubweranso pa chinthu cholipira, ndipo funsolo lidzafunsidwa.

Masekondi 15 omaliza a gawoli abwerere kwa mwini lole, anene zomwe zasintha. Mawu akuti "pulogalamuyi ndi yabwino kwambiri" alibe ntchito. Mufunseni kuti mwezi watha anabwerera wopanda katundu kangati, ndipo kale zinkachitika kangati. Yankho lokhala ndi nambala, lochokera pakamwa pake, ndi limene mukufuna.

Potseka musachulutse. Chiganizo chija munalemba pamwamba pa pepala chinenedwe kamodzi, dzina la kampani lioneke, vidiyo ithe. Ndalama zomwe mukupempha musaziike m'vidiyo, poti zimasintha malinga ndi zokambirana, ndipo fayilo ikhoza kutumizidwa kwa anthu ena inu osadziwa.

Musanajambule chilichonse, yesani zolembazo. Werengani mbali ya kumanja mokweza muli ndi wotchi, wina akutembenuza mapepala omwe mwajambulapo masikirini ndi pensulo. Kukonza pa sitepe iyi kumangodya mphindi, pomwe kukonza mutajambula kumafuna kuitananso mwini lole ndi galimoto yake. Mukajambula, yesani kawiri. Koyamba, zimitsani mawu, muonetse munthu amene sadziwa bizinesi yanu, osati mnzanu uja chifukwa iye waidziwa kale. Ikatha mumufunse mafunso atatu: amene ali ndi vuto ndani, pulogalamu yamuchitira chiyani, ndipo wakumbukira nambala iti. Akalephera funso loyamba, gawo la vuto lachuluka zinthu. Akalephera lachiwiri, masikirini akuthamanga kapena zilembo zachepa. Akatchula nambala yomwe si yofunika, ndiye kuti mwaipatsa malo aakulu kuposa oyenera. Kachiwiri, muonetse munthu wina ili ndi mawu, inu muziyang'ana nkhope yake osati sikirini. Pomwe maso ake achoka, lembani sekondi yake, ndi pomwe pakufunika kudula.

Za mawu omveka: anthu amapirira chithunzi chosaoneka bwino kuposa mawu osamveka. Jambulani mawu a wolankhula paokha, m'chipinda chopanda phokoso chokhala ndi makatani kapena zovala zoletsa mawu kubwerera, maikolofoni ili pafupi ndi pakamwa. Nyimbo, ngati ilipo, ikhale pansi kwambiri, ndipo ikhale yomwe muli ndi chilolezo choigwiritsa ntchito. Mawu onse olankhulidwa alembedwe m'munsi mwa chithunzi m'chinenero cha oika ndalamawo, ndipo akhale omatidwa m'vidiyo momwemo, osati m'fayilo yapadera yomwe ingakane kutseguka pa kompyuta ya eni ake.

Tsiku la msonkhano musadalire netiweki. Vidiyo ikhale fayilo ya MP4, ya 1080p, yosungidwa pa laputopu, pa fulashi ndi pafoni. Fikani msanga muyese pulojekita ndi masipika, mukhale kumpando wakumbuyo muone ngati manambala akuwerengeka. Ngati msonkhano ndi wa pa Zoom, pogawana sikirini chongani Share sound, apo ayi iwo adzaona chithunzi chopanda mawu inu mukuganiza kuti zonse zili bwino, ndipo mutumiziretu fayiloyo kuti ikadukaduka athe kuitsegula okha. Muionetse kumayambiriro, mutangopereka moni ndi kunena m'chiganizo chimodzi chomwe kampani imachita, kuti zokambirana zonse zikhale pa chinthu chomwe aona. Ikamasewera musalankhulepo.

Ikangotha, foni yokhala ndi pulogalamu yeniyeni ikhale patebulo, yotsegula kale, ndi akaunti yomwe ili ndi katundu pamndandanda. Wina akanena kuti "tabwerezani pomwe mndandanda unatuluka paja", mumupatse foniyo aike yekha matani ndi komwe akupita. Pachifukwa chimenechi, pulogalamu yomwe ili m'foni ikhale yofanana ndendende ndi yomwe ili m'vidiyo. Mukasintha maonekedwe ake mutajambula kale, jambulaninso masikirini a gawo la yankho msonkhano usanafike, ndipo sabata yomaliza musakhudzenso pulogalamuyo.